Mwana wanga wa miyezi 8 sacheuka tikamuitana, kodi ndi totupa ndinatuluka ndili ndi pakati tija?

Wobisa dzina: Amayi anzanga ndi inu a zachipatala muli muno, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi 8, wonenepa bwino, amayamwa, amaseka akandiona kumaso. Koma ndikamuitana ndili kumbuyo kwake sacheuka. Lamlungu chivundikiro cha poto chinagwa pa simenti pafupi ndi pamene anagona, mkulu wake wa zaka zitatu anadzidzimuka mpaka kulira, iye osagwedezeka n'komwe. Phokoso lija ankapanga ali ndi miyezi isanu layambanso kuchepa. Kusikelo adokotala anandifunsa ngati ndinadwalapo ndili woyembekezera. Ndinakumbuka kuti mimba ili ndi miyezi iwiri ndinatuluka totupa tofiira kumaso, tinatsikira m'thupi, kuseri kwa makutu kunatupa mwanabere, zala zikuphwanya. Masiku atatu zinatha, sindinapite n'kuchipatala komwe. Iwo analemba m'buku mawu awiri, rubela ndi CMV, n'kunena kuti tikayezetse makutu. Kodi kamatenda ka masiku atatu kangatseke mwana makutu? Nanga ndikadzatenga pakati pena zidzachitikanso? Apongozi akuti ana ena amangochedwa, ndidikire ayambe kuyenda.

Mayi a Tadala: Apongoziwo sakunama. Wanga anayamba kuyankhula ali ndi zaka zitatu, pano ndi wolongolola kuposa tonse m'nyumba muno.

Nachisale (mzamba): Mayi a Tadala, kuchedwa kuyankhula ndi kwina, kusadzidzimuka poto atagwa ndi kwina. Achemwali mwafunsanu, musadikire ayi. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi rubela, chikuku chaching'ono chija chimene kwa munthu wamkulu sichioneka ngati matenda. Vuto lake ndi nthawi imene chakupezerani. M'masabata 12 oyambirira ndi pamene mkati mwa khutu, maso ndi mtima wa mwana zikuumbika, ndipo kachilomboka kakalowa nthawi imeneyo, ana ofika 9 pa 10 alionse amakhudzidwa. Mimba ikapitirira masabata 20 sikawirikawiri kuti mwana avulale. Inu pa miyezi iwiri munali pakatikati penipeni pa nthawi yoopsayo. Komabe sindikugamula, poti totupa timabwera ndi matenda ambiri, ndipo amayi ena rubela imawadutsa osatuluka kanthu kalikonse. Chimene ndikupempheni, musayezetse makutu okha. Amuone m'maso ngati mulibe kadontho koyera ka ng'ala, amumverenso mtima, chifukwa rubela imakonda kugwira malo atatu amenewa pamodzi.

Bambo Yoha: Koma azimayi oyembekezera si amabayidwa katemera kusikelo? Akazi anga anabayidwa kawiri. Ngati inunso munabayidwa ndiye rubelayo ichotseni pa mndandanda.

Nachisale (mzamba): Ameneyo ndi wa kafumbata, achimwene. Wa rubela sitibaya woyembekezera chifukwa muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Kuno kwathu anayamba mu 2017, ophatikiza ndi wa chikuku, ndipo kampeni ya chaka chimenecho inatenga ana a miyezi 9 mpaka zaka 14. Amene anali atapitirira msinkhu umenewo anatsala. Pano ana amalandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15.

Wobisa dzina: Ine ndinabadwa mu 1996, ndiye kuti unandiphonya. Mayo ine.

Anaphiri a ku Ndirande: Thirani timafuta ta mpiru m'khutumo usiku, mafinya amatuluka okha. Wanga zinamuthandiza.

Mlongo Ester: Anaphiri, wa mnzathuyu sakutuluka mafinya, werenganinso bwino. Musathire kanthu chonde. Ine ndiyankhule za CMV, kachilombo kena kamene mayi angapatsire mwana ali m'mimba, poti ndinadutsamo. Mwana wanga wachiwiri ndinaberekera ku Mangalande komwe ndimagwira ntchito, ndipo kuno khanda lililonse amaliyeza makutu m'masabata oyambirira. Khutu la kumanzere silinayankhe. Anatenga malovu ndi mkodzo wake tsiku lachisanu, n'kupeza CMV. Ine pa mimba yonse sindinamve ngakhale mutu. Adokotala anandifunsa ngati kunyumba kuli kamwana kena, ndipo kanalipo, ka zaka ziwiri, kopita ku mkombaphala. Kachilomboka kamakhala m'malovu ndi m'mikodzo ya tiana totere. Ndiye taganizani, kulawa phala ndi sipuni yomwe ukumudyetsera, kumaliza nthochi yomwe waluma, kumupsopsona pakamwa, kusintha thewera n'kungopukuta manja pa chitenje. Ndani mwa ife sachita zimenezi? Chimene chinandipweteka n'chakuti khutu la kumanja, lomwe linali bwinobwino pobadwa, linayamba kutsika ali ndi zaka ziwiri. CMV imatero, imatha kudya kumva pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amamuyeza mobwerezabwereza mpaka pano.

Wobisa dzina: Mlongo, ndiye nanenso ndipemphe amuyeze mkodzo? Poti mkulu wake uja ndinkadya naye mbale imodzi.

Nachisale (mzamba): Apa mpamene pali povuta. Kuti tidziwe kuti mwana anabadwa nayo CMV, amayenera kuyezedwa asanapitirire masiku 21. Akapitirira, ngakhale ipezeke, sitingasiyanitse ngati anaitengera m'mimba kapena pambuyo pake kudzera mu mkaka wa m'mawere ndi malovu a anzake, ndipo yotenga atabadwa kale nthawi zambiri siiwononga makutu. Pa miyezi 8 mpata umenewo unadutsa. Mankhwala ake, valigansikolova, nawonso amapatsidwa kwa makanda obadwa ndi zizindikiro monga mutu waung'ono, chikasu ndi timadontho ta magazi pakhungu, ndipo amayambidwa khanda likadali laling'ono kwambiri. Ana ambiri a CMV, pafupifupi 9 pa 10, amabadwa osaonetsa chilichonse. Rubela ndiye magazi a mwana angathebe kusonyeza asanakwane chaka, funsani ngati angamuyeze. Ndipo mpaka mudziwe, asamayandikane ndi amayi a mimba zazing'ono, chifukwa mwana wobadwa ndi rubela amatha kufalitsa kachilomboka kwa chaka chathunthu.

Che Jafali: Inu mukungothamangira tizilomboti, mwamufunsa mayiyu ngati mwana anagonekedwapo atabadwa? Wa mchemwali wanga anasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi.

Nachisale (mzamba): Funso labwino, Che Jafali. Chikasu chachikulu, jakisoni wa jentamaisini kwa masiku ambiri, chindoko cha mayi, ngakhale za kumtundu, zonsezi adzakufunsani. Mutenge mabuku onse awiri, lanu la sikelo ndi la mwana. Ku Blantyre pitani ku Gulupu, kuli mbali yoona za makutu, ku Lilongwe kuli chipatala cha ABC ku Area 47. Kuyezako sikupweteka. Amalowetsa kachipangizo kofewa pakhomo pa khutu, makina n'kumvetsera ngati mkati mukuyankha. Kukapanda kuyankha amamata timawaya pamutu mwana ali mtulo kuti aone ngati mawu akufika ku ubongo, ndiye mukamufikitse ali ndi tulo. Kumva kotayika motere sikubwerera, koma akapeza kuti kwatsalako amamuveka makina othandizira kumva, ndipo chinenero cha manja mungayambe naye panopa. Za mimba ina, ngati inalidi rubela thupi lanu latetezeka, siidzabwereza. Ngati simukutsimikiza, pemphani katemera musanatenge pakati ndipo mudikire mwezi umodzi. CMV ilibe katemera, ndipo ngakhale amene anaidwalapo kale angathe kupatsira mwana, choncho sopo m'manja ndi sipuni yanuyanu.

Bambo Yoha: Katemerayo kwa munthu wamkulu amapezeka ku chipatala cha boma? Kwathu kuno amati ndi wa ana okha.

Wobisa dzina: Ndikafunsa komweko. Sanagonekedwepo, Che Jafali, tinatuluka mawa lake. Bambo ake avomera, tikwera ya m'mawa Lachiwiri. Koma tsopano mwandiopsa, mlamu wanga tikukhala naye nyumba imodzi, ali ndi mimba ya miyezi itatu ndipo ndi amene amamubereka masana onse. Ndimuuze bwanji?