Tigule timagolo ta ukonde kapena mipira ya hoke?

Mphunzitsi wa ku Ndirande: Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndili ndi ana 36, ndodo 20, mpira umodzi wokha. Tikasewera 11 kwa 11, ana 14 amangokhala pa kapinga. A hedi avomera kandalama pang'ono, ndiye ndikuganiza zogula timagolo topinda ta ukonde kuti tizisewera timagulu ting'onoting'ono. Ndigule?

Kochi wa ku Chilomoni: Aphunzitsi, musagule kaye. Vuto lanu ndi mpirawo. Pa mphindi 30 zosewera, ana 22 akamalimbirana mpira umodzi, aliyense sakwanitsa nawo ngakhale mphindi imodzi ndi theka, ndipo zoona zake atatu odziwa ndi amene amaudyerera. Gulani mipira ndi makoni. Dulani mabwalo atatu, lililonse mamita 20 mulitali ndi 15 mulifupi, atatu kwa atatu. Zikutengerani ndodo 18, ziwiri zotsalazo ndi za tsiku lothyoka ina. Magulu azisinthana pakatha mphindi zinayi. Mwana aliyense asewera pafupifupi mphindi 15, koma mpira akugawana anthu asanu ndi mmodzi basi.

Mayi wa ku Bangwe: Komatu ana amakonda kuona ukonde ukugwedezeka. Wanga akachinya pa makoni amakangana mpaka kunyumba kuti wadutsa kunja.

Kochi wa ku Chilomoni: Mkanganowo ulipodi mayi, sindikana. Koma ukonde umaitana mwana kumenya mwamphamvu, pomwe mpira wa hoke ndi wouma, wolemera magalamu pafupifupi 160, ndipo goloboyi wopanda zotchinjiriza simungamuike pamenepo. Ine ndimati chigoli chiwerengedwe mwana akauimitsa mpira ndi ndodo pakati pa makoni awiri. Kukankha kokha, mpira usanyamuke, ndodo isapitirire chiuno. Siyaninso mamita atatu pakati pa mabwalo, apo ayi mipira izilowererana m'miyendo.

Achimwene a ku Limbe: Ngati ndi hoke ya asanu kwa asanu ija, pamafunika matabwa kuzungulira bwalo lonse. Ndalama ya a hediyo singakwane.

Mphunzitsi wa ku Ndirande: Ayi achimwene, si ya mpikisano, ndi phunziro chabe. Koma akochi, bwanji osangochita mmodzi kwa mmodzi? Pamenepo ndiye aliyense agunda kwambiri.

Kochi wa ku Chilomoni: Agundadi, koma sapatsira aliyense, ndipo ikatha mphindi imodzi msana wauma ndi kuwerama. Kuti mudziwe ngati zikuyenda, mwana wodikira asankhe mnzake mmodzi, aziponya kamwala m'chitini nthawi iliyonse mnzakeyo akagunda mpira. Mukapeza chitini chili ndi timiyala tiwiri china chodzaza, ikani odziwa okhaokha pa bwalo lawo.

Mayi wa ku Bangwe: Ine ndikanagulabe kagolo kamodzi, ka masewero otsekera.

Mphunzitsi wa ku Ndirande: Mipira ndigula isanu ndi umodzi, poti ina imathera m'ngalande. Makoniwo mabotolo odzaza mchenga sangagwire? Za kagolo tiona chenji ikatsala.