Gogo wosadziwika amene ndimamulota, akuimira chiyani?

Moni nonse. Kwa miyezi 3 tsopano ndakhala ndikulota gogo wamwamuna amene sindinamuonepo. Amagwira ndodo, amayenda patsogolo panga m'kanjira, ndipo tikafika pamphambano amaloza njira imodzi osalankhula. Ndikati ndimufunse, ndimadzidzimuka. Sindimuopa, ndimadzuka mtima uli m'malo.

Ndayesa kulemba malotowo ndikangodzuka, ndipo ndaona kuti amabwera ndikamalingalira zosiya ntchito. Zithunzi zakale za akumtundu ndafufuza, nkhope yake mulibe. Ndinawerengako za Carl Jung, amene ankati nkhalamba yanzeru m'maloto imaimira nzeru zobisika mwa wolotayo, koma kukhala chete kwakeko kukundisautsa.

Kodi amene munalotapo wamkulu wotere, munasiyanitsa bwanji ngati akukutsogolerani kapena akungoonetsa mantha anu osankha nokha? Chonde ndithandizeni.