Ndizivala potengera nambala iti kuno ku Aberdeen?

Abale anga amene mwakhalitsa kuno ku Scotland, ndithandizeni nzeru. Ino ndi nyengo yanga yoyamba yozizira chibwerereni kuchokera ku Dedza.

Lachiwiri m'mawa foni inaonetsa madigiri 5. Ndinati kuzizira kotere ndinakuzolowera kwathu mu Juni, choncho ndinangovala juzi yokhuthala ndi jekete yopyapyala. Nditaima pa siteji ya basi mphindi 15, mphepo yochokera kunyanja inkalowa mu juzi ngati sindinavale kanthu, zala ndi makutu zinachita dzanzi. Nditayang'ananso, pansi pake panali "Feels like 0°", mphepo ikuthamanga pafupifupi makilomita 30 pa ola.

Mmene ndamvera, thupi limafunditsa kampweya kamene kali pakhungu, ndiye mphepo imakachotsa msangamsanga, thupi n'kumataya kutentha ngati kunja kuli 0 pomwe kuli 5. N'chifukwa chake juzi yoluka siinathandize, mphepo imadutsa m'timabowo take.

Tsono chondisokoneza ndi ichi. Nambala yachiwiriyo akuti amaiwerengera khungu losavala, monga nkhope. Kodi ndikavala jekete yosalowa mphepo, chipewa ndi magolovesi, zamkati ndizivala ngati kuli 5 kapena 0? Ndikachulutsa zovala ndimatuluka thukuta poyenda mphindi 20 kupita ku siteji, ndipo ndikaima thukutalo limandiziziritsa koposa.

Nanga tsiku lamvula inu mumaonjezera chiyani, poti chovala chonyowa chimazizira kuposa mmene nambalayo ikunenera? Ndimayamba ntchito 7 koloko, kunja kukadali mdima.