Ndinatuluka m'bizinesi ya anthu atatu, nanga ngongoleyi ndi yanga?

Abale anga odziwa malamulo, ndithandizeni maganizo. Tinali anthu atatu pabizinesi yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, yongogwirizana kugawana phindu, osati kampani yolembetsa. Ine ndinatuluka mu Malichi, tinasainirana kalata, gawo langa anandipatsa.

Tsopano amene ankatipatsa simenti pangongole andilembera kalata kuti ndilipire ngongole ziwiri. Yoyamba ndi ya matumba amene mnzathu wina anatenga mu Januwale, ndidakali momwemo, koma osatiuza. Imeneyi sindikulimbana nayo kwambiri. Ndikudziwa kuti mmodzi akagula katundu wa bizinesi m'dzina la gulu amakhala wamanga tonse, ndipo kutuluka sikufafaniza ngongole yakale pokhapokha mwini ngongoleyo atavomera kukumasula. Komatu m'kalata yathu ija anzangawo analonjeza kusenza ngongole zonse zakale. Kodi ndingaionetse kwa a simentiwo n'kukana, kapena ndiyenera kulipira kaye kenako n'kukalonjerera anzangawo?

Yachiwiri ndiyo ikundisowetsa mtendere. Ndi ya mu Juni, nditachoka kale. Iwo akuti palibe anawauza kuti ndinatuluka, ndipo pepala la oda linali lakale lija lokhala ndi mayina athu atatu pamwamba. Akuti ankapereka katundu podalira ine. Ine ndinangouza woyendetsa lole yawo pakamwa tsiku lina akutsitsa katundu. Kodi kumeneko n'kudziwitsa, kapena pamafunika kalata yopita kwa aliyense amene tinkachita naye malonda? Nanga poti mapepalawo ankawagwiritsa ntchito ine osadziwa, mlanduwo ungagwerebe ine?