Sheya yathu ili pa K3,000 kapena K2,720?

Anaphiri: Mwaswera bwanji nonse. Alembi, mundithandize. Mwezi watha munatiuza kuti sheya ya gulu lathu la banki m'khonde idzafika K3,000 pogawana. Dzulo titawerenga ndalama za m'bokosi, mwana wanga wagawa ndalamazo ndi masheya onse 1,500 ndipo wapeza K2,720. Ine ndili ndi masheya 200, ndiye kuti K56,000 yanga yasowa. Yapita kuti? Ndinauza kale wa feteleza ku Limbe kuti ndibwera Lolemba.

Che Jafali: Inenso usiku sindinagone nazo zimenezi. Komanso m'bokosi tinapeza K4,206,000. Mukagawa imeneyo sizikutuluka K2,720, zikutuluka K2,804. Ndiye tikhulupirire iti?

Mai Mlembi: Taswera bwino amayi, kaya inu. Palibe ndalama yasowa, tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono. Che Jafali, mu K4,206,000 ija muli K126,000 ya thumba la chithandizo, ija timasonkha pa za maliro ndi matenda. Imeneyo siilowa m'masheya chifukwa tonse timasonkha mofanana, wa masheya ambiri ndi wa ochepa yemwe. Mukaichotsa itsala K4,080,000, ndipo ndi imene mwana wa Anaphiri wagawa. Samu yake ndi yolondola, koma wagawa ndalama imene ili m'manja yokha. Panja pali ngongole ziwiri zomwe sizinabwere. Mai a Chisomo ali ndi K180,000, ndiye kuti K150,000 imene anatenga ndi chiwongoladzanja cha K30,000. Achimwene aja anapita ku Joni ali ndi K240,000, anatenga K200,000. Mukaphatikiza zonse chuma cha gulu ndi K4,500,000, mukagawa ndi 1,500 mupeza K3,000 ija ndinanena.

Anaphiri: Ndalama ya m'buku sigula feteleza mayi. Munthu ali ku Joni, foni yake sikugwira kuyambira Okutobala.

Bambo Mbewe: Anaphiri akunena zoona pamenepo, koma theka. Ndalama imene sitikuyembekezera kuti ibwera tisaiwerengere, inde. Koma K2,720 nayo ndi yolakwika, ndipo ikulakwira inu nomwe. Mukagawa ndi 1,500 ndiye kuti mwawerengera masheya 90 a Mai a Chisomo ndi 60 a achimwene aja ngati kuti nawonso alandira ndalama m'manja Loweruka, pomwe ndalama ya gulu ali nayo kale. Kumeneko ndi kuwapatsa kawiri.

Tione anthu awiriwa padera padera, chifukwa nkhani zawo sizofanana. Mai a Chisomo masheya awo 90, ngakhale pa K2,720 pomwepo, akukwana K244,800, kuposa ngongole yawo. Ndiye K180,000 yawoyo ndi ndalama yotsimikizika, tidzangoidula pa gawo lawo. Tiiwerengere ngati ili kale m'bokosi. Achimwene aja ndi ena: masheya awo 60 pa K3,000 ndi K180,000, ngongole ndi K240,000. Ngakhale titenge masheya awo onse, itsala K60,000. Imeneyo ndiye ndalama yokhayo imene gulu laluza ngati sabweza. Si K420,000 ayi.

Che Jafali: Ndiye sheya ikhala pa zingati, Bambo Mbewe? Tiuzeni nambala imodzi.

Bambo Mbewe: Tengani K4,080,000 ya m'bokosi, onjezerani K180,000 ya Mai a Chisomo, ikhala K4,260,000. Ku masheya chotsani 60 a achimwene aja, popeza apita ku ngongole yawo, atsala 1,440. Mukagawa mupeza K2,958 ndi matambala pang'ono. Anaphiri pa masheya 200 alandira K591,600. Kusiyana ndi zimene amayembekezera ndi K8,400 basi, osati K56,000. Mai a Chisomo gawo lawo ndi K266,220, tikadula K180,000 atenga K86,220 m'manja.

Njira yodziwira ngati samu yayenda bwino ndi iyi: alembi alembe zimene aliyense atenge m'manja, aphatikize mzere wonsewo, zifanane ndi ndalama ya m'bokosi. Apa zikutuluka K4,079,520, ndiye m'bokosi mutsala K480. Zikapitirira ndalama ya m'bokosi, womaliza kuitanidwa apeza mulibe kanthu, ndiye tisayambe kupereka tisanaphatikize.

Mai Mlembi: Ndayesa pa foni, zikugwirizana.

Nangozo: Pepani ndilowererepo. Kugulu limene ndinali ku Ndirande sitinkachita choncho. Alangizi amene anatiphunzitsa ankati munthu akafika tsiku logawana ali ndi ngongole, mumafufuta masheya m'kabuku kake pa mtengo umene anagulira, kenako mumagawa ndalama ya m'bokosi ndi masheya otsalawo. Sheya tinagula K2,000. Ngongole ya K180,000 ndi masheya 90 ndendende. Ndiye Mai a Chisomo masheya awo onse atha, sakuyenera kulandira kanthu. Phindu ndi la amene abweza pa nthawi yake.

Mai a Chisomo: Iii Nangozo, zoona? Chaka chonse ndakhala ndikutenga ngongole ndi kubweza, Febuluwale, Meyi, Ogasiti, osaphonya. Chiwongoladzanja chimene mukugawanachi china ndi thukuta langa la pa kaunjika. Katundu wa ulendo uno sanayende, belo inatuluka zovala zong'ambika, nonse munaona. Lero mukuti ndibwerere kunyumba chimanjamanja?

Nangozo: Sindikudana nanu mayi, ndikunena lamulo. Tikalekerera, chaka chamawa aliyense adzasiya kubweza mu Novembala podziwa kuti palibe chimene ataye.

Bambo Mbewe: Njira imene Nangozo akunenayi ilipodi, magulu ambiri amatsata imeneyo, sanaipeke. Tiyeni tione chimene imachita. Tikafufuta 90 ndi 60, masheya atsala 1,350. K4,080,000 kugawa ndi 1,350 ndi K3,022. Ndiye kuti tonse tikwera ndi K64 pa sheya, ndipo ndalama imeneyo ikuchokera kwa munthu mmodzi, ndi K86,220 ija ya Mai a Chisomo. Ine kwanga ndikuona kuti chilangocho chakula. Mu K180,000 muli kale chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse, ndiye gulu silinataye kanthu pa iwo. Masheya awo akhala akuzungulira m'ngongole za tonsefe kuyambira Januwale. Koma mantha a Nangozo ndi oona. Mankhwala ake ndi chindapusa cholembedwa cha wochedwa kubweza, chimene aliyense akuchidziwa asanatenge ndalama.

Mai Wapampando: Alembi, malamulo athu aja tinasainira mu Januwale akuti bwanji pa nkhaniyi? Tiwerengereni momwe zalembedwera.

Mai Mlembi: Akuti, "Membala amene sanamalize ngongole pofika tsiku logawana, ngongoleyo idzachotsedwa pa gawo lake." Basi. Sitinalembe kuti pa mtengo uti.

Nangozo: Mwaona, sakutsutsa zimene ndanena.

Che Jafali: Koma akuti gawo, sakuti masheya. Gawo ndi chimene munthu amalandira tikagawa, phindu lili momwemo. Ine ndikumva choncho.

Agogo Nasibeko: Ana anga, ine zamasamuzi zandipitirira. Ndimafunsa za ndalama ya maliro ija. Ine sindinapemphepo chaka chino, ndiye yanga ndilandira yonse?

Mai Mlembi: Ayi agogo, imene inapita pa maliro a kwa Anabanda ndi kuchipatala inapita m'dzina la tonse. Yatsala K126,000. Tikati tigawane anthu 18, aliyense K7,000. Koma chaka chatha tinaisiya kuti tiyambire chaka chatsopano, paja maliro sadikira kuti thumba lidzaze.

Agogo Nasibeko: Isiyeni momwemo. Koma ya mnyamata wa ku Joniyo musamusungire.

Anabanda: Ine mtima wanga uli pena. Tikukangana za K64, koma taonani ichi. Ine ndinagula masheya anga ambiri Januwale mpaka Juni, ndalama yanga yagwira ntchito miyezi yonseyi. Pali ena, sinditchula maina, anayamba kugula masheya asanu sabata iliyonse mu Okutobala, pomwe kubwereketsa kunali pafupi kutsekedwa. Sheya yawo ya K2,000 yagona m'bokosi milungu isanu ndi umodzi, lero ikubala K958 chimodzimodzi ndi yanga ya Januwale. Chilungamo chili pati?

Che Jafali: Ngati mukunena ine nenani mayi. Ndalama ndimaipeza nyengo yomanga, zidindo zili m'kabuku, sindinabe.

Anabanda: Sindinati mwaba.

Bambo Mbewe: Anabanda ali ndi mfundo. Kugawa ndi masheya kumangoona kuchuluka, sikuona nthawi. Ilipo njira yowerengera miyezi: sheya ya Januwale mumaiwerengera miyezi 12, ya Okutobala miyezi itatu, kenako phindu lokha ndi limene mumagawa potsata miyeziyo, K2,000 yake aliyense imabwerera momwe ilili. Vuto ndi lakuti pamafunika buku losonyeza mwezi umene chidindo chilichonse chinadindidwa, komanso ndi anthu ochepa amene angathe kuitsatira samuyo ndi maso awo. Samu imene akuimva anthu awiri okha pagulu imabweretsa kukayikirana koposa kumene tili nakoku. Magulu ena amangotseka kugula masheya miyezi iwiri isanafike yogawana. Koma zimenezo ndi za Januwale, chaka chino tinagula tonse pa lamulo limodzi ndipo Che Jafali sanaliphwanye.

Anabanda: Ndamva, koma zilembedwe kuti ndinadandaula. Januwale ndidzayambira pomwepa.

Anaphiri: Nanga K60,000 ya ku Joni tingoiiwala? Anamupatsa bwanji K200,000 munthu wa masheya 60?

Mai Mlembi: Lamulo lathu limalola kutenga mpaka katatu ka zimene wasunga. Iye anali ndi K120,000, ndiye malire ake anali K360,000. Tonse tinavomera tsiku limenelo, ndipo mlongo wake anasaina ngati mboni.

Bambo Mbewe: Katatuko n'kwabwino kumayambiriro kwa chaka, pamene nthawi yolondola munthu ilipo. Kuyambira Seputembala ngongole isamapose zimene munthu wasunga. Za K60,000 tisaifufute m'buku. Ikadzabwera ndi ya masheya 1,440 a chaka chino, pafupifupi K42 pa sheya, isadzalowe m'thumba la chaka chamawa momwe mudzakhale anthu ena atsopano. Chinanso alembi, musadule sheya kuti ikhale K2,900 pofuna kuphweketsa chenje. K58 pa masheya 1,440 ndi K83,520, ndalama yambiri kuti itsale yopanda mwini. Chulukitsani kaye ndi K2,958, kudula kubwere pa gawo la munthu, kufikitsa pa K50 yapafupi m'munsi, zotsalazo zipite ku thumba la chithandizo pamaso pa tonse.

Mai a Chisomo: Ndayankhula ndi bambo a kunyumba. K100,000 tikhoza kuipeza pofika Lachisanu. Ikatsala K80,000, Nangozo, mufufutabe masheya onse?

Nangozo: Ayi, pamenepo ndi masheya 40 okha, 50 atsala anu. Koma maganizo anga sanasinthe pa za mtengo.

Mai Wapampando: Zikomo nonse. Za mtengo sitingamalize pafoni, ena asanu sanayankhepo. Tikumane Lachisanu 3 koloko masana kunyumba kwa asungichuma ku Chilomoni, tidzakweze manja pa njira ziwirizi, Mai a Chisomo adzayamba apereka zimene apeza. Alembi, konzani mapepala awiri, lina la njira ya Bambo Mbewe, lina la njira ya Nangozo, dzina lililonse ndi ndalama yake. Aliyense abwere ndi kabuku kake tidzawerenge zidindo, chifukwa 1,500 ija tiitsimikize ndi m'timabuku, osati m'buku la alembi lokha. Osunga makiyi atatu nonse musachedwe. Ine ndi Che Jafali mawa tipita ku Mbayani kwa mlongo wake wa achimwene a ku Joni aja.

Che Jafali: Mawa ndili ku ntchito mpaka 4, mayi. Tinyamuke 5 koloko.