Za kusinthana mfumukazi pamene uli patsogolo pang'ono

Ndinafunsa za masewera anga a chesi kuti: "Ndili patsogolo ndi poni imodzi, mfumukazi zonse zikadali pabwalo. Ndisinthane kapena ndipitirize kupanikiza?"

Ambiri munandiuza kuti wotsogola azisinthana. Nditawunikanso masewera aja, ndaona kuti langizoli limadalira zimene zitsale pabwalo mfumukazi zikachoka. Ine ndinali ndi bishopu woyenda m'mabwalo oyera, mnzanga wa m'mabwalo akuda, aliyense ndi ruku imodzi. Ndikanasinthana mfumukazi, kenako maruku, akanaika mfumu yake pabwalo lakuda kutsogolo kwa poni yanga yoonjezerayo. Bishopu wanga sangaichotse pamenepo ngakhale titasewera mpaka m'mawa, ndipo masewera otere nthawi zambiri amatha osapambana aliyense.

Mfumukazi zikakhalapo, mabishopu osiyana mitunduwa amakomera amene akuukira. Mnzangayo anali atakankha maponi a g7 ndi h7 kupita pa g5 ndi h6, mabwalo oyera ozungulira mfumu yake pa g8 ali pululu. Mfumukazi yanga pa d3 ndi bishopu pa c2 zinkaloza h7, ndipo bishopu wake sakanatha kutchinga pamenepo. Choncho kukana kusinthana kunali kolondola.

Tsopano ndimayamba ndafunsa kuti mfumu yosatetezeka ndi ya ndani. Ikakhala yanga, mfumukazi zichoke msanga. Zikanakhala kuti tatsala ndi akavalo m'malo mwa mabishopu, maponi ali mbali zonse ziwiri, ndikanasinthana mosazengereza, chifukwa pamenepo poni imodzi imakwanira kupambana kawirikawiri.