Ndiike pati msonkho ndi mtengo wokhazikitsidwa ndi boma pa chithunzi changa?

Moni nonse. Mayeso a zachuma ayandikira, ndiye ndikufuna kufinya zonse zomwe taphunzira semesita ino kuti zikwane pa pepala limodzi, chithunzi cha mfundo zolumikizana ndi mivi. Pakati ndaikapo mtengo womwe ogula ndi ogulitsa amakumanirana. Kumanzere kuli zosuntha kufuna kwa ogula, monga ndalama zomwe amapeza ndi mitengo ya katundu wolowa m'malo. Kumanja kuli zosuntha kuchuluka kwa katundu yemwe ogulitsa amabweretsa, monga mtengo wa zipangizo.

Pomwe pandivuta ndi pa boma. Poyamba ndinalipatsa bokosi limodzi pamwamba, koma mivi inapingasana mpaka pensulo kubowola pepala pofufuta. Kenako ndinatsata mitu ya m'kope sabata ndi sabata, zinangosanduka mndandanda.

Msonkho ndikuumva. Boma likaika 20 pa chinthu cha 100, mzere wa ogulitsa pa girafu umakwera ndi 20, mtengo nkufika mwina 112: wogula walipira 12 yowonjezera, wogulitsa wataya 8, chifukwa mbali yovutika kusintha ndiyo imasenza zambiri. Koma boma likalamula kuti mtengo usapitirire 80, palibe mzere womwe ukusuntha. Ogula amangofuna zambiri, ogulitsa nkubweretsa zochepa, katundu nkusowa.

Kodi ndigawe boma pawiri, mfundo zosuntha mizere kwina, zomanga mtengo kwina? Nanga kugawana msonkho kuja ndikulembe pa muvi kapena kukhale ndi bokosi lakelake? Amene munachitapo zotere, chonde ndithandizeni.